Lipoti la nkhani: nyumba ziwiri, sitolo imodzi ndi msonkho wa chuma cha masiye ku Harare

Nkhani iyi ndi ya banja la ku Mufakose, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, lomwe makolo ake anachokera ku Dedza kalekale. Mayina tawachotsa, ndipo manambala ndi achitsanzo, osankhidwa kuti kuwerengera kuoneke bwino. Bambo wa pabanjapo anamwalira kumapeto kwa Malichi 2024 osasiya wilo. Anasiya mayi a kunyumba amene anakwatirana nawo mwa chikhalidwe, ana atatu akuluakulu, nyumba ya ku Mufakose imene ankakhalamo, nyumba ina ya lendi ku Waterfalls, ndi sitolo ya hadiweya imene ankayendetsa m'dzina lawo, osati ngati kampani. Funso limene anawo anabwera nalo linali lakuti kodi aliyense alipira msonkho wochuluka bwanji pa gawo limene alandire.

Yankho lake ndi lakuti ku Zimbabwe munthu salipira msonkho chifukwa chongolandira chuma cha masiye. Msonkho umadulidwa pa chumacho chisanagawidwe, ndipo wolandira amayamba kukhala ndi mangawa akeake ku ZIMRA, bungwe la boma lotolera misonkho, pa zimene achite nacho pambuyo pake, kaya kuchititsa lendi, kuchita malonda kapena kugulitsa. Ndiye zinthu ziwiri ndizo zinalamulira nkhani yonseyi: mtengo umene unalembedwa pa nyumba ya ku Waterfalls, ndiponso amene anasaina poigulitsa.

Kulembetsa maliro ndi kusankha woyendetsa chuma

Lamulo la kayendetsedwe ka chuma cha masiye, Chaputala 6:01, limafuna kuti imfa ikanenedwe ku ofesi ya Masitala wa Khoti Lalikulu, mkulu woyang'anira nkhani za chuma cha masiye, pasanathe masiku 14, ndipo pamaperekedwanso mndandanda wa katundu wa malemu. Banjali linachedwa ndi miyezi iwiri podikira achibale a kumudzi, zomwe zimachitika kawirikawiri. Poti panalibe wilo, Masitala anaitanitsa msonkhano wa achibale ndipo anagwirizana kuti mayi akhale woyendetsa chuma, loya akuwathandiza. Anapatsidwa kalata ya mphamvu, imene pamwamba pake pamalembedwa kuti Letters of Administration. Popanda kalata imeneyi banki siitsegula akaunti ya malemu, ZIMRA sikambirana nanu za fayilo yawo, ndipo palibe amene angagulitse nyumba mwalamulo.

Pamsonkhanopo amalume a malemu ananena kuti kwathu sitolo imayenera kupita kwa mwana wa mlongo wa malemuwo. Mwambo umenewo ndi wodziwika, koma katundu wa ku Harare amatsata lamulo la Zimbabwe. Kuchokera pa kusintha kwa lamulo kwa mu 1997, mkazi wamasiye wa ukwati wa chikhalidwe amatenga nyumba imene ankakhalamo pa nthawi ya imfa pamodzi ndi katundu wa m'nyumbamo, ndipo zotsala amagawana ndi ana. Ngati banja likufuna kupatsa mphwake wa malemu kanthu, olandirawo amagwirizana molemba ndipo Masitala amavomereza. Kungomupatsa makiyi pa tsiku lomwaza maliro sikumupanga mwini, koma kumasiya mayi ali ndi mlandu wa katundu amene sakumuona.

Ichi ndi chifukwa chakuti woyendetsa chuma ndiye amaimira malemu pa nkhani zonse za msonkho. Akagawa ndalama kapena katundu msonkho usanalipidwe, ZIMRA ili ndi mphamvu yomulipiritsa kuchokera m'thumba mwake mpaka pa mlingo wa zimene anagawazo. Mayi ambiri amavomera udindowu poganiza kuti ndi ulemu chabe, osadziwa kuti ana akadya ndalama ya lendi, kalata ya ngongole ibwera m'dzina lawo.

Zimene chuma chinalipira chisanagawidwe

Katswiri woyesa mitengo ya nyumba anapeza kuti ya ku Mufakose inali ya US$40,000 ndipo ya ku Waterfalls inali ya US$110,000. Katundu wa m'sitolo, kalole konyamulira simenti ndi ndalama za ku banki zinakwana US$30,000. Zonse pamodzi zinali US$180,000.

Choyamba kudulidwa ndi chindapusa cha Masitala, chomwe pa nkhaniyi chinawerengedwa pa 4 peresenti ya chuma chonse ngongole zisanachotsedwe. Chinakwana US$7,200. Anthu amachitcha msonkho, koma si msonkho wa ZIMRA, ndipo sichisamala kuti nyumba ina ndi yokhalamo mayi. Vuto lake ndi lakuti chimafunika ndalama yeniyeni pamene chuma chambiri chili mu njerwa, ndipo mafayilo ambiri amaima zaka pamenepa.

Kenako pamabwera msonkho wa chuma cha masiye, wa mu Chaputala 23:03, umene ndi 5 peresenti. Uwu ndi umene anthu amauopa kwambiri, chonsecho nthawi zambiri ndi wochepa, chifukwa pali zambiri zochotsera usanawerengedwe. Pa US$180,000 ija panachotsedwa nyumba ya banja imene inapita kwa mayi, US$40,000. Panachotsedwa ngongole za malemu kwa ogulitsa simenti, ku khonsolo ndi ku ZIMRA, US$9,000, ndi zolipira pa maliro zokhala ndi malisiti, US$2,000. Ndalama zoyendetsera chuma, kuphatikiza chindapusa cha Masitala, loya, woyesa mitengo ndi zilengezo za m'nyuzipepala, zinakwana US$13,000. Panatsala US$116,000. Pa ndalama imeneyi US$100,000 yoyamba silipiritsidwa, choncho msonkho unagwera pa US$16,000 yokha, ndipo unali US$800.

Pa zolipira za maliro, chimene chilibe lisiti chimavuta kuchivomereza. Bokosi, basi yopita kumanda ndi manda zinali ndi mapepala. Ufa, nkhuni ndi ndiwo zimene azimayi a mpingo anagula ku Mbare Musika zinalibe, ndipo sizinawerengedwe.

Mtengo wolembedwa pa nyumba

Apa ndi pamene panali mkangano waukulu. Mwana wamkulu anauzidwa ndi anzake kuti apeze munthu woti alembe nyumba ya ku Waterfalls pa US$70,000 kuti zolipira zitsike. Anawauza mayi ake kuti: "Amayi, aliyense amatero. Tipulumutsa ndalama yambiri, nanga boma lidziwa bwanji mtengo wa nyumba yathu?"

Zoona, zolipira zikanatsika. Chindapusa cha Masitala chikanachepa ndi US$1,600, ndipo msonkho wa US$800 uja ukanatheratu chifukwa zotsala zikanagwera pansi pa US$100,000. Banja likanasunga US$2,400. Koma kulemba mtengo wabodza pa mndandanda wa katundu ndi mlandu, ndipo ngakhale mlandu titauika pambali, masamu ake sathandiza olandira. Lamulo la msonkho wa phindu la pogulitsa nyumba ndi masheya, Chaputala 23:01, limatenga mtengo umene unalembedwa m'chuma cha masiye ngati ndalama imene wolandirayo anagulira nyumbayo. Mukautsitsa lero, mwakulitsa phindu limene ZIMRA idzawerengere pa tsiku logulitsa, ndipo kumeneko msonkho si 4 kapena 5 peresenti, ndi 20.

Tiyerekeze kuti nyumbayo yasinthidwa kukhala m'mayina a ana, ndipo patapita zaka ziwiri aigulitsa pa US$130,000, wothandiza kupeza wogula atatenga US$6,500. Lamulo limalola kuchotsa 2.5 peresenti ya mtengo wogulira pa chaka chilichonse chifukwa cha kukwera kwa mitengo. Ngati m'chuma munalembedwa US$110,000, pa US$130,000 pachoka 110,000, pachoka 5,500 ya zaka ziwiri, pachokanso 6,500. Phindu ndi US$8,000 ndipo msonkho ndi US$1,600. Ngati munalembedwa US$70,000, pachoka 70,000, pachoka 3,500 yokha, ndi 6,500 ija. Phindu lafika US$50,000 ndipo msonkho ndi US$10,000. Kusunga US$2,400 poyamba kukanawaonongetsa US$8,400 pambuyo pake.

Mwana wamkuluyo anatsutsa kuti bambo anagula nyumbayo mu 2004, ndipo iye anamva kuti nyumba zogulidwa kale zimalipira 5 peresenti ya mtengo wogulitsira. Lamulo limenelo lilipodi, ndipo limakhudza katundu amene munthu anamupeza pasanafike pa 22 Febuluwale 2019. Koma wogulitsa tsopano si bambo. Ana anapeza nyumbayo bambo atamwalira mu 2024, choncho iwo ali mbali ya 20 peresenti ya phindu. Chaka chimene malemu anagulira sichiwatsatira.

Amene agulitsa ndani

Lamulo lomwelo lili ndi chitseko chimene mabanja ambiri amachidutsa osachiona. Ndalama imene yapezeka pamene woyendetsa chuma wagulitsa katundu wa malemu, kapena pamene wamupereka kwa olandira, silipira msonkho wa phindu. Kutanthauza kuti nyumba ikagulitsidwa idakali m'chuma cha masiye, mayi atasaina ngati woyendetsa, msonkho umenewu palibe. Ikayamba yalowa m'mayina a ana kenako iwo n'kugulitsa, msonkho ulipo, ndipo banja lalipira loya wosintha umwini pa ulendo umene unali wosafunika.

Choncho funso loyenera kufunsa msanga, akaunti ya chuma isanalembedwe, ndi lakuti kodi alipo amene akufunadi kusunga nyumbayi. Pabanjali mwana wamkazi amakhala ku Johannesburg ndipo ankafuna ndalama. Wamng'ono ankafunanso ndalama. Wamkulu yekha ndiye ankafuna kuti lendi ipitirire, koma analibe zoti agulire magawo a anzake. Zikatero nyumba imagulitsidwa ndithu, kaya chaka chino kaya anthu atayamba adana, ndipo ndi bwino igulitsidwe idakali m'manja mwa woyendetsa.

Kugulitsa koteroko kuli ndi ndondomeko yake. Ngati sikudzera pa okushoni, woyendetsa amapempha chilolezo cha Masitala pansi pa ndime 120 ya Chaputala 6:01, ataphatikiza lipoti la mtengo ndi makalata a olandira osonyeza kuti avomera. Pangano losainidwa chilolezochi chisanatuluke limatha kugwetsedwa ku khoti, wogula atalipira kale. Mwana wa ku Johannesburg anayenera kusaina kalata yake pamaso pa loya wovomerezeka kumeneko, ndipo imeneyi yokha inadya milungu ingapo. Dziwaninso kuti nyumba ikagulitsidwa motere, mtengo umene wagulitsidwira ndi umene umalowa m'akaunti, ndipo zolipira kwa Masitala ndi msonkho wa 5 peresenti zimatsata mtengo umenewo.

Kusalipira msonkho sikutanthauza kusapita ku ZIMRA. Ofesi yolembetsa umwini wa malo siisintha dzina pa nyumba popanda satifiketi ya ZIMRA yosonyeza kuti nkhani ya msonkho wa phindu yatha, ngakhale pamene msonkhowo ndi ziro, ngakhalenso pamene nyumba ikungochoka kwa malemu kupita kwa mkazi wawo. Pamafunikanso satifiketi ya khonsolo ya Harare yosonyeza kuti ngongole ya maleti ndi madzi yalipidwa. Nyumba zambiri za ku Mufakose, Mabvuku, Dzivarasekwa ndi Highfield zilibe chikalata cha umwini, zimangokhala m'kaundula wa khonsolo, ndipo dzina limasinthidwa ku maofesi a zanyumba a khonsoloyo. Kumenekonso mapepala a Masitala ndi a ZIMRA amafunika. Pa nyumba ya mayi panapezeka kuti dzina la malemu m'kaundula linalembedwa mosiyana ndi la pachitupa, monga zimakhalira kwa ambiri amene makolo awo analembedwa ndi makalaliki a m'migodi ndi m'mafamu. Panafunika kalata yolumbira yotsimikiza kuti ndi munthu mmodzi. Fananizani mayina pa mapepala onse sabata yoyamba, musadikire kuti akubwezeni pa kauntala.

Kwa mayi, nkhani ya mtsogolo ndi yopepuka. Munthu amene wakwanitsa zaka 55 akagulitsa nyumba imene ndi kwawo kwenikweni salipira msonkho wa phindu. Mwayi umenewu ndi wa nyumba yokhalamo mwiniwake, sufika pa nyumba ya lendi.

Lendi imene inkalowa pafoni

Kuyambira Epulo 2024 alendi a ku Waterfalls ankatumiza US$600 pamwezi kwa mwana wamkulu, ina pa EcoCash ina pamanja. Iye ankaona ngati ndi gawo lake lobwera msanga. Mwalamulo ndalamayo inali ya chuma cha masiye. Pakanakhala wilo yonena kuti nyumba yakutiyakuti ndi ya mwana uje, lendi yake ikanawerengedwa ngati ndalama ya mwanayo kuchokera pa imfa. Popanda wilo, palibe amene ali ndi nyumbayo payekha mpaka kugawa kutavomerezedwa, choncho chuma cha masiye chimalembetsedwa ku ZIMRA pa TaRMS, njira yake ya pa intaneti yoyendetsera misonkho, chimalandira TIN yakeyake, yomwe ndi nambala ya wolipira msonkho, ndipo chimalipira msonkho pa lendiyo.

Miyezi isanu ndi inayi ya 2024 inabweretsa US$5,400. Kukonza giza yotenthetsera madzi, kusintha malata awiri odontha ndi kulipira maleti zinadya US$1,400, ndipo mwamwayi malisiti analipo mu envelopu ya kaki m'dirowa ya sitolo. Panatsala US$4,000. Kuyambira Januwale 2024 msonkho wa ndalama za malonda ndi lendi ndi 25 peresenti, kuphatikiza 3 peresenti ya msonkhowo yopita ku thumba la Edzi, zonse pamodzi 25.75 peresenti. Ngongole inali US$1,030. Mpanda watsopano umene mwanayo anamanga sunachotsedwe pa lendi, chifukwa kumanga chinthu chimene panalibe si kukonza.

Msonkho umenewu sudikira kutha kwa chaka. Umalipidwa m'zigawo zinayi za msonkho woyerekezedwa wa chaka chonse: 10 peresenti pofika pa 25 Malichi, 25 peresenti pa 25 Juni, 30 peresenti pa 25 Sepitembala ndi 35 peresenti pa 20 Disembala, ndipo fomu yomaliza ya ITF 12C imaperekedwa pofika pa 30 Epulo chaka chotsatira. Banjali linaphonya zigawo zonse zotsala za 2024 ndipo linalipira chiwongoladzanja. Loya anawalangiza kuti akadziulule okha ZIMRA isanawapeze, chifukwa ndalama yobisidwa ikapezeka pa kafukufuku, chilango chimatha kufika pa mlingo wofanana ndi msonkho weniweniwo. US$5,400 ija inalembedwa m'akaunti ngati ndalama imene mwana wamkulu analandiriratu, ndipo inachotsedwa pa gawo lake.

Sitolo

Sitolo inatsegulidwanso patapita masiku ochepa maliro ataikidwa, ndipo malonda anapitirira pa TIN ya malemu ngati palibe chachitika. Apa ndi pamene panali ntchito yambiri yokonza. Bizinesi ya munthu payekha ilibe moyo wosiyana ndi mwiniwake, choncho chaka cha 2024 chinayenera kudulidwa pa tsiku la imfa. Phindu la Januwale mpaka tsiku limenelo ndi la malemu, ndipo msonkho wake ndi ngongole ya chuma. Phindu la pambuyo pake ndi la chuma cha masiye. Kuchokera tsiku limene sitolo yaperekedwa kwa wolandira, phindu ndi lake, pa TIN yake.

Kudula kotere kumafuna kuti katundu awerengedwe pa tsiku la imfa kapena pafupi nalo: matumba a simenti angati, malata angati, zitini za penti zingati, pa mtengo wogulira. Palibe anachita zimenezi. Wowerengera ndalama anachita kubwerera m'mbuyo pogwiritsa ntchito mainvoisi a ogulitsa ndi buku la malonda a tsiku ndi tsiku, ntchito yodula imene anthu awiri okhala ndi kope akanaimaliza madzulo amodzi. Nambala yomweyo ndi imene imalowa pa mndandanda wa kwa Masitala, ndiye ikasokonekera imasokoneza mbali zonse ziwiri.

Chimene chinaulula vutoli ndi satifiketi ya ITF 263, yosonyeza kuti wamalonda alibe mangawa a msonkho. Ya malemu sikanagwiranso ntchito, ndipo kampani ina yomanga imene inkagula simenti pangongole inadula 30 peresenti pa malipiro, monga lamulo limailamulira kuchita kwa wogulitsa wopanda satifiketi. Ndalama yodulidwayo siitayika, imakhala ku ZIMRA ngati msonkho wolipiriratu, koma sitolo ya hadiweya siikhala ndi phindu lofika 30 peresenti, ndiye mwezi umenewo inasowa ndalama yoodera katundu.

Malemu analinso olembetsedwa pa VAT, poti malonda awo ankapitirira malire a US$25,000 pachaka. Imfa siimitsa mafomu a VAT kapena PAYE ya antchito awiri a m'sitolo. Woyendetsa chuma amapitiriza kuwapereka malonda akamachitika. Kungotseka kulembetsako kulinso ndi mtengo wake, chifukwa wochoka pa VAT amawerengedwa ngati wagulitsa katundu yense amene watsala m'mashelefu, ndipo amalipira VAT pa katunduyo. N'chifukwa chake mwana wamkulu, amene anasankha kutenga sitolo ngati mbali ya gawo lake, anayamba walembetsa TIN ndi VAT m'dzina lake, kenako sitolo inaperekedwa ikuyenda, ndipo laisensi ya khonsolo inasinthidwanso. Mabuku a malemu sanatayidwe, popeza lamulo limafuna kuti asungidwe zaka 6 ndipo ZIMRA ikhoza kuwafunsa.

Sitoloyo ikanakhala kampani, zambiri mwa izi sizikanachitika. Kampani imapitirira ndi TIN yake, ndipo chimene chimalowa m'chuma cha masiye ndi masheya a malemu, oyesedwa mtengo pa tsiku la imfa. Kumeneko vuto limakhala la amene asaine ku banki ngati malemu ndiwo ankasaina okha.

Mmene fayilo inatsekedwera

Woyendetsa analengeza mu Gazeti ya boma ndi m'nyuzipepala kuti onse amene malemu anali nawo ngongole abwere pasanathe masiku 30. Akaunti ya chuma imayenera kufika kwa Masitala pasanathe miyezi isanu ndi umodzi chilandirire kalata ya mphamvu, koma apa panapemphedwa nthawi yoonjezera podikira kuti nyumba igulitsidwe. Inagulitsidwa pa US$110,000, chilolezo cha ndime 120 chitatuluka, ndipo ZIMRA inapereka satifiketi popanda msonkho wa phindu. Ndalamayo inakhala m'akaunti ya loya yosungira ndalama za anthu, ndipo kuchokera mmenemo munalipidwa chindapusa cha Masitala, ngongole za malemu, msonkho wa lendi ndi wa sitolo, ndi US$800 ya msonkho wa chuma cha masiye. Akaunti inaikidwa poyera masiku 21 kuti wodandaula adandaule, ndipo Masitala atavomereza, mayi ndi ana analandira magawo awo, aliyense atasaina kuti walandira. Loya anasunga kandalama pang'ono mpaka ZIMRA itatsimikiza kuti TIN ya malemu ndi ya chuma cha masiye zilibe ngongole ndipo zatsekedwa, kenako anagawa kotsalako.